Zaka 4 kwa mwana wanga, zaka 8 kwa mnzake: khoti limawerengera bwanji chilango?

*Mwana wanga wa zaka 22 anathyola nyumba ya agogo ena usiku ali ndi mnzake. Anatenga foni, batire ya sola ndi matumba awiri a chimanga, ndipo apolisi anapeza batire ndi thumba limodzi. Iye sanayambe wamangidwapo ndipo anavomera mlandu tsiku loyamba lomwe, koma majisitireti wamupatsa zaka 4 pa kuthyola nyumba ndi chaka chimodzi pa kuba. Mnzakeyo anakana mlandu ndipo wapatsidwa zaka 8. Chikundiwawa n'chakuti bambo wina m'mudzi muno anaba matumba a fetereza a ndalama zambiri kuposa izi, koma akungosesa pachipatala n'kumagona kwawo. Mwana wanga anauza khoti kuti ali ndi mkazi ndi khanda koma sanamumvere. Kodi zaka zimenezi amazitenga kuti? Kapena ena amapereka kenakake? — Mayi wa ku Ntcheu*

Mayi, pepani ndi zomwe zagwa pakhomo panu. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi pa zinthu ziwiri. Kusiyana kwa zilango zitatuzi kukufotokozeka bwinobwino ndi malamulo, ndipo pa zomwe mwalembazi sindikuonapo chizindikiro cha ziphuphu. Komanso nkhani ya mwana wanu sinathere pomwepa, chifukwa chilango chotere chimayenera kukaunikidwanso ndi khoti lalikulu.

Woweruza akakhala pansi kuti aganize za chilango, chinthu choyamba chomwe amayang'ana ndi dzina la mlandu, ndipo kukwera mtengo kwa katundu kumabwera pambuyo. Bambo wa fetereza uja, ngati anangotenga matumbawo osathyola nyumba, mlandu wake ndi wakuba wamba, womwe gawo 278 la lamulo la milandu ndi zilango limati chilango chake chachikulu ndi zaka 5. Kuthyola nyumba yogona anthu kuli pa gawo 309, ndipo chilango chachikulu cholembedwa pamenepo ndi imfa kapena ndende moyo wonse. Musadzidzimuke nazo zimenezo, chifukwa chilango chachikulu chimasungidwira mlandu woipitsitsa wa mtundu umenewo, ndipo wothyola nyumba wamba safika n'komwe pafupi nacho. Koma chimakuonetsani momwe lamulo limaonera milandu iwiriyi. Chomwe lamulo likuteteza pa gawo 309 ndi tulo ta munthu m'nyumba mwake. Agogo aja chimanga akhoza kuchipeza china, koma kuyambira usiku umenewo akamva khoswe padenga amadzuka mtima uli m'mwamba. N'chifukwa chake amene wathyola nyumba n'kutuluka chimanjamanja amalandira chilango chokulirapo kuposa amene waba katundu wodula pamsika masana.

Pakati pa kumasulidwa ndi ndende ya moyo wonse pali mtunda wautali, choncho makhoti anakhazikitsa poyambira. Mu 1994, pa mlandu wa Chizumila, Jaji Mwaungulu wa khoti lalikulu ananena kuti pa mlandu wothyola nyumba woweruza aziyambira pa zaka 6, kenako n'kukweza kapena kutsitsa malinga ndi zomwe zinachitika. Ndondomeko yomwe mamajisitireti amatsatira popereka zilango imayambiranso pomwepo. Zaka 6 zimenezi si chilango cha aliyense. Zili ngati mtengo womwe wogulitsa amatchula koyamba, kupatula kuti pano chomwe chimausuntha ndi mfundo zolembedwa m'failo ya mlandu, osati kukakamira kwa munthu.

Tiyeni tiyende nawo mlandu wa mwana wanu monga momwe woweruza angayendere. Chigamulo chake sindinachione, ndipo oweruza ambiri salemba masamu mwa njira iyi, koma kaganizidwe kake n'komweka.

Tayambira pa zaka 6, yomwe ndi miyezi 72. Kenako woweruza amafunsa chomwe chikuipitsa mlandu uwu kuposa kuthyola nyumba wamba. Anali awiri, ndipo makhoti amaona kuchita zinthu pagulu ngati chokulitsa mlandu, chifukwa kumasonyeza kuti munali upo, komanso mwininyumba akadzuka sangalimbane ndi anthu awiri. Mwininyumbayo anali wokalamba, ndipo kusankha nyumba ya munthu wopanda mphamvu kumalemera kwambiri pa sikelo. Ngati agogowo anali m'nyumbamo pa nthawiyo, n'kudzuka n'kuona anthu ali chilili m'chipinda, chimenecho n'chinanso. Kathyoledwe nakonso kamawerengedwa: kukankha zenera losakhoma n'kosiyana ndi kuphwanya chitseko ndi chitsulo kapena kuboola khoma. Akanakhala kuti ananyamula chikwanje, kapena anamenya munthu, apo zaka zikanakwera kwambiri, mwinanso mlandu ukanasintha dzina n'kukhala wakuba moopseza. Pa zomwe mwafotokozazi, woweruza akhoza kuchoka pa miyezi 72 n'kufika pa miyezi ngati 90, zomwe ndi zaka 7 ndi theka.

Pali cholakwika chimodzi chomwe chimachitika pamenepa chomwe muyenera kuchidziwa. Chinthu chomwe chili kale m'kati mwa mlandu sichiyenera kuwerengedwanso ngati chokulitsa chilango. Ngati munthu wapezeka wolakwa pa kuthyola nyumba usiku, woweruza sangawonjezerenso zaka ponena kuti "komanso munachita usiku", chifukwa usikuwo uli kale m'dzina la mlandu. Kuteroko n'kulipiritsa munthu kawiri pa chinthu chimodzi, ndipo khoti lalikulu likachiona limachikonza.

Tsopano kutsitsa. Apa woweruza amasiya kuyang'ana mlandu n'kuyang'ana munthu amene waima m'bokosi. Kukhala koyamba kulakwa ndi mfundo yamphamvu, chifukwa cholinga cha chilango kwa munthu wotere n'kumuletsa iye mwini kubwereza, ndipo khoti lalikulu lanena kangapo kuti wolakwa koyamba asagwiritsidwe ntchito ngati choopsezera ena. Msinkhu nawo umathandiza. Pa mlandu wa Keke wa mu 2010, khoti lalikulu linafotokoza kuti anyamata a zaka zapakati pa 19 ndi 25 nthawi zambiri amalakwa chifukwa cha kupupuluma ndi kutengeka ndi anzawo, ndipo ndende yaitali imawaononga m'malo mowakonza. Mwana wanu wa zaka 22 ali m'gulu limenelo. Kupezeka kwa katundu kumachepetsa zomwe wodandaula wataya, ngakhale pali kusiyana pakati pa katundu amene wakuba wabweza yekha kapena walondolera apolisi komwe ali, ndi katundu amene apolisi achita kufukula okha atachita chipikisheni. Woyambayo amasonyeza kulapa, wachiwiriyo ndi mwayi chabe wa mwini katundu. Zitatuzi pamodzi zikhoza kubweza miyezi 90 ija kufika pa 72.

Chotsalira ndi kuvomera mlandu, ndipo ichi ndicho chimadula kwambiri. Makhoti a m'dziko muno amalola kuchotsera mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango kwa munthu wovomera. Zifukwa zake n'zooneka: agogo aja sanavutike kukwera galimoto kudzaima m'khoti kufunsidwa mafunso, mboni sizinaitanidwe, nthawi ya khoti sinaonongeke, ndipo kuvomera kumaonedwa ngati poyambira pa kulapa. Chotsani gawo limodzi mwa atatu pa miyezi 72, yomwe ndi miyezi 24, mutsala ndi 48. Zimenezo ndiye zaka 4 zija. Koma mawu oti "mpaka" muwagwire bwino. Wovomera tsiku loyamba, monga anachitira mwana wanu, amayenera kuchotseredwa kwambiri. Wovomera mboni zitatu zitapereka kale umboni, ataona kuti madzi afika m'khosi, amachotseredwa pang'ono.

Mnzake uja anayambira pa miyezi 90 yomweyo chifukwa mlandu ndi umodzi. Kukana mlandu pakokha sikuwonjezera chilango, poti kukana ndi ufulu wa aliyense, ndipo boma ndilo liyenera kupereka umboni. Chomwe wokana amataya ndi kuchotseredwa kuja basi. Choncho akapezeka wolakwa amatsala pafupi ndi zaka 7 ndi theka. Kuti afike pa zaka 8, mwina ali ndi mbiri ya milandu ina ya mtundu womwewu, kapena umboni unasonyeza kuti ndiye anali mtsogoleri, amene anakonza upo ndi kubweretsa chitsulo. Mbiri yakale imamulanda munthu chifundo chomwe wolakwa koyamba amalandira, ndipo imapatsa khoti chifukwa choganizira zoteteza anthu. Mbiriyo iyenera kutsimikizidwa, kaya ndi zikalata kaya mwini wake kuivomera m'khoti. Mawu a wapolisi oti "ameneyu ndi wovuta m'mudzi" si mbiri ya milandu.

Ndifike pa zomwe zakupwetekani kwambiri, za mkazi ndi khanda. Ndikudziwa kuti kwa inu imeneyi ndiyo mfundo yaikulu kuposa zonse, chifukwa ndinu amene mudzasenze banjalo. Koma m'khoti ndi imodzi mwa mfundo zopepuka. Pafupifupi aliyense woima m'bokosi ali ndi wina amene amamudalira, ndipo makhoti akhala akunena kuti kuvutika kwa banja ndi chotsatira chachidziwikire cha kupalamula, chomwe munthu amayenera kuchiganizira asanathyole chitseko cha mwini. Zikanakhala kuti ana amapulumutsa munthu ku ndende, wopanda mwana bwenzi akulangidwa koposa pa mlandu womwewo. Mfundoyi imayamba kulemera pokhapokha vutolo likakhala lapadera, monga mayi woyamwitsa, kapena kholo lokhalo la mwana wodwala kwambiri amene palibiretu wina womusamala. Umphawi nawo uli chimodzimodzi. Munthu wothyola chinangwa m'munda chaka cha njala khoti likhoza kumumvera chisoni, koma foni ndi batire ya sola n'zovuta kuzifotokoza ndi njala. Zoti "ndinali nditaledzera" kawirikawiri sizithandiza konse.

Chomwe chimandidetsa nkhawa pa milandu ngati iyi ndi momwe mphindi zopempha chifundo zimatayikira. Munthu akavomera mlandu, woimira boma amawerenga momwe nkhani inayendera, ndipo khoti limafunsa wozengedwa ngati zomwe zawerengedwazo zili zoona. Ambiri amangoti "ndi zoona" mutu uli pansi, osamvetsera. Komatu chilango chimamangidwa pa mawu amenewo. Ngati munalembedwa kuti chitseko anaphwanya ndi iye pomwe anaphwanya ndi mnzake, kapena kuti matumba anali asanu pomwe anali awiri, nthawi yotsutsa inali yomweyo. Kenako khoti limamupatsa mpata woti anene chilichonse chomwe chingachepetse chilango, ndipo munthu wopanda loya, wamantha, amene wagona m'chitokosi masiku angapo, amangoti "ndili ndi banja, mundikhululukire." Zomwe zikanamuthandiza zenizeni amazisiya: kuti ndiye analondolera apolisi komwe kunali batire, kuti anachita kuitanidwa ndi mnzake wamkulu, kuti anali pa sukulu ya ntchito zamanja, kuti abale ake ali okonzeka kubweza thumba lotsalalo. Woweruza amayeza zomwe zili m'failo. Lamulo la kazengedwe ka milandu limalola khoti kulandira umboni wothandiza kupeza chilango choyenera, choncho buku la kuchipatala la munthu wodwala, chiphaso cha unzika chosonyeza zaka, kalata ya kusukulu kapena ya kuntchito, ngakhale mfumu kapena mkulu wa mpingo wobwera kudzanena za khalidwe lake, zonsezi zimaloledwa ndipo zimalemera kuposa mawu a pakamwa. Wodandaula akanena yekha m'khoti kuti wabwezeredwa katundu ndipo wakhululuka, khoti limaganizira zimenezo, ngakhale sizithetsa mlandu waukulu ngati uwu, chifukwa mwini mlandu ndi boma.

Mwina mukudabwa kuti bwanji mwana wanu sanapatsidwe chilango chosesa pachipatala ngati bambo uja, poti nayenso n'koyamba. Funso limeneli lili ndi maziko m'malamulo. Gawo 340 la lamulo la kazengedwe ka milandu limati wolakwa koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litakhutira, pa zifukwa zomveka zomwe liyenera kuzilemba, kuti palibe njira ina yoyenera. Gawo 339 limalola kuimika chilango, kutanthauza kuti munthu amapita kwawo koma akapalamulanso m'nthawi yomwe wapatsidwa amakagwira ukaidi uja. Koma woweruza amayamba wapeza kutalika kwa chilango, kenako n'kufunsa ngati chingaimikidwe. Chilango chogwira ntchito zothandiza anthu chimaperekedwa pamene ukaidi ukanakhala wa miyezi 12 kapena kucheperapo, ndipo mwezi uliwonse umasinthidwa kukhala maola 40 a ntchito, kotero kuti chaka chathunthu ndi maola 480. Wakuba wamba wolakwa koyamba, wovomera, amene katundu wake wapezeka, amagwera mosavuta m'malire amenewo. Wothyola nyumba usiku, amene mlandu wake wayambira pa zaka 6, n'kovuta kuti atsike kufika pa chaka chimodzi, ndipo makhoti amaona mlanduwu ngati wofunika ndende ngakhale kwa wolakwa koyamba. Ngakhale zili choncho, majisitireti amayenera kuonetsa m'chigamulo kuti anaganizira gawo 340. Ngati sanalitchule n'komwe, imeneyo ndi mfundo yoti loya aione.

Za masiku enieni amene adzakhale m'ndende, musawerenge zaka 5. Milandu iwiri yochitika pa nthawi imodzi, monga kuthyola nyumba ndi kuba m'nyumba momwemo, kawirikawiri zilango zake zimayendera limodzi, choncho chaka chimodzi chija chimamezedwa m'zaka 4. Onetsetsani pa chikalata chomutumizira kundende kuti palembedwa motero, ndiponso tsiku lomwe chilango chikuyambira, chifukwa makhoti nthawi zambiri amalamula kuti chiyambire tsiku lomwe munthu anamangidwa ngati sanatuluke pa belo. Kundende nako, mkaidi wosunga mwambo amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa miyezi 48 ndiye kuti akhoza kutuluka atakhala miyezi 32, zaka 2 ndi miyezi 8. Kuchotsera kumeneku kumatayika akapezeka ndi milandu ya m'ndende monga ndewu kapena kuyesa kuthawa, ndipo ndi bwino mukamuuze zimenezi mukapita kukamuona.

Kodi zaka 4 zachuluka? Maganizo anga ndi akuti zili cha kumtunda koma sizodabwitsa. Pa kuthyola nyumba kopanda zokulitsa zambiri, kochitidwa ndi wolakwa koyamba amene wavomera, khoti lalikulu lakhala likufika pa zaka ngati 3. Zomwe zakweza mlandu wa mwana wanu ndi kukhala awiri ndi ukalamba wa mwininyumba. Ngati failo ikusonyeza kuti agogowo sanali m'nyumbamo, kuti chitseko sichinaonongeke, kapena kuti majisitireti sanatchule msinkhu wake ndi kuvomera kwake, pali mpata woti chitsike. Ngati ikusonyeza kuti agogowo anaopsezedwa, ndingakulangizeni kusamala, chifukwa khoti lalikulu lili ndi mphamvu yokweza chilango likaona kuti chinachepa, litamupatsa kaye mwini wake mpata wolankhula.

Njira zopitira kumeneko ndi ziwiri. Yoyamba imachitika yokha: gawo 15 la lamulo la kazengedwe ka milandu limafuna kuti chilango cha ndende choperekedwa ndi majisitireti kwa wolakwa koyamba, komanso chilango chilichonse chopitirira malire ena, chitumizidwe ku khoti lalikulu kuti jaji akachiunike n'kuchitsimikiza, kuchitsitsa kapena kuchisintha. Vuto lake ndi lakuti mafailo amachedwa, ena amakafika munthu atatsala pang'ono kutuluka. Choncho pitani kwa kalaliki wa khoti lomwe linaweruza, mutenge nambala ya mlandu, mufunse ngati failo yatumizidwa ndi tsiku lomwe inapita, ndipo muzibwererako. Njira yachiwiri ndi apilo. Poti anavomera mlandu, apilo yake ikhoza kukhudza kukula kwa chilango kapena ngati chili chololedwa ndi lamulo, osati kunena kuti sanalakwe. Chidziwitso choti akufuna kuchita apilo chimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 10 chigamulo chiperekedwe, ndipo mkaidi akhoza kuchipereka kudzera kwa akuluakulu a ndende. Masikuwo akadutsa, khoti lalikulu likhoza kulolabe ngati pali chifukwa chomveka chochedwera, koma musadalire zimenezo ngati nthawi ikadalipo.

Jaji wa apilo sasintha chilango chifukwa choti iye akanapereka chocheperako pang'ono. Amalowererapo akaona kuti woweruza woyamba analakwitsa mfundo ya lamulo, anasiya chinthu chofunika, anawerengera chosayenera, kapena chilangocho chakula mochita kuonekeratu poyerekeza ndi milandu yofanana nayo. Ndiye kalata ya apilo yongoti "ndili ndi khanda" sipita patali. Yofunika ndi yoloza malo enieni: kuti kuvomera tsiku loyamba sikunapatsidwe kulemera kwake, kuti zaka 22 sizinaganiziridwe, kuti usiku unawerengedwa kawiri, kuti gawo 340 silinatchulidwe.

Apa ndi pomwe mukufunika munthu wa malamulo woti awerenge failoyo ndi maso ake. Pemphani kope la chigamulo kukhoti, mupite nalo kwa maloya a boma othandiza anthu osowa ndalama, aja timawatcha a Ligo Edi, kapena mwana wanu alankhule ndi maparaligo, alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera ndende. Mutenge chiphaso chake cha unzika, nambala ya mlandu, tsiku lomwe anamangidwa ndi tsiku la chigamulo. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akakonze zinthu ndi majisitireti, mukane, chifukwa majisitireti akagamula sangasinthenso chilango chake, ndipo kupereka chiphuphu ndi mlandu womwe ungakugwetseni inunso m'mavuto. Ngati banja lingathe kubweza thumba la chimanga ndi mtengo wa foni kwa agogo aja, chitani zimenezo poyera pamaso pa mfumu, palembedwe kalata yosainidwa ndi onse, ndipo kalatayo muipereke kwa loya kuti aone ngati ingaperekedwe kwa jaji pamene failo ikuunikidwa.